Mamanejala sakuyankha maimelo anga, mutu ndi mawu oyamba ndizilemba bwanji?

Funso: Ndili ndi nkhuku zoikira 500 ku Lusangazi ndipo ndikufuna ndizisapulaya mazira m'maloji a mu Mzuzu muno. Ndatumiza maimelo kwa mamanejala ambirimbiri koma zii, olo m'modzi woyankha. Pamutu ndimalemba RE: APPLICATION TO BE CONSIDERED AS A SUPPLIER OF FRESH EGGS TO YOUR ESTABLISHMENT, kenako Dear Sir/Madam, I hope this email finds you well, nkufotokoza mbiri ya famu yanga. Ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Lusangazi.

Yankho: Chemwali, tengani kaye imelo imeneyo muitumize ku adiresi ya m'bale wanu, nde mubwereke foni yakeyo muyang'ane mmene ikuonekera isanatsegulidwe. Muona zinthu zitatu basi, dzina la wotumiza pamwamba, mutu pansi pake, ndi kamzere kotuwa komwe kamatenga mawu oyambirira a uthenga wanu. Manejala wa loji amaona zomwezo, nthawi zambiri pafoni ali chiimire, uku shefu akumuuza kuti gasi watha uku alendo akufuna risiti, ndipo pa tizinthu titatu timeneti mpomwe amasankha kutsegula kapena kupitirira. Zonse zomwe munalemba m'kati, mbiri ya famu, chaka chomwe munayamba, sanazione nkomwe. Nde vuto si mazira anu ayi, mwina palibe amene akudziwa kuti munalemba za mazira.

Ndikutero chifukwa foni imadula mutu. Mafoni ambiri amaonetsa zilembo zapakati pa 30 ndi 40, kuwerengera ndi mipata yomwe, pakompyuta zimafikako 60 kapena kuposerapo, ndipo bwana wachikulire amene anakulitsa zilembo pafoni yake kuti aziona bwino amaona zochepa kuposa pamenepo. Mutu wanu uja tikaudula pa zilembo 35 ukutsala chonchi:

```
RE: APPLICATION TO BE CONSIDERED AS
```

Tawerengani ngati ndinu manejala. Imeneyi ndi kalata ya munthu wofuna ntchito, eti? Ndipo makalata ofuna ntchito amabwera ochuluka ku loji iliyonse, a uweta, a ulonda, a kurisepushoni, nde yanu ikugwera mulu womwewo womwe bwana amati ndidzaona tikadzafuna munthu. Mawu oti mazira ali kutali kumapeto komwe foni sikufikako.

Kalembedwe kameneka ndi kamene tinaphunzira kusukulu pa kalata yapapepala, RE: kutsogolo, zilembo zikuluzikulu, kudula mzere kunsi, ndipo papepala kalibe vuto. Koma pa imelo Re: amaiika yekha makina munthu akadina Reply, kusonyeza kuti mukupitiriza nkhani yomwe munayamba kale. Mukaiika nokha kwa munthu amene simunalemberanepo, wina amatsegula akuganiza kuti ndi nkhani yakale nkupeza ndi mlendo, nde amamva ngati mwamupusitsa ngakhale inu simunafune kutero. Zilembo zikuluzikulu nazo zimadya malo ambiri pasikirini, mutu umadulidwa msanga, komanso zimaoneka ngati mukukalipa. Zonse ziwiri zichotseni.

Mutu wabwino umatchula chinthucho poyambirira penipeni, kenako kuchuluka kwake, kenako tsiku. Wogulitsa pa msika wa Zigwagwa sayamba nkufotokoza komwe anabadwira, amangoti mazira apa, wofuna nkutembenuka. Wanu ukhale chonchi:

```
Mazira: mathireyi 20 Lolemba lililonse
```

Zilembo zake ndi 38, ndipo olo foni idule pa 30 munthu waona kale mazira, waona 20, waona Lolemba. Ngati manejalayo mumamulembera m'Chingerezi, monga zimakhalira m'maofesi ambiri, mutu womwewo umafupikanso kufika zilembo 27:

```
Eggs: 20 trays every Monday
```

Nambala imeneyo isakhale yongotola, pamenepa ndikufuna tikhalepo pang'ono. Nkhuku 500 zikamaikira bwino, tinene 80 pa 100 zilizonse patsiku, ndi mazira 400, omwe ndi mathireyi 13 a mazira 30 nkutsalako pang'ono, pasabata mathireyi opitirira 90. Musalembe 90 pamutu. Muli ndi makasitomala ena kale, nkhuku zimatsitsa kaikiridwe zikamakula kapena chakudya chikasintha, ndipo loji imodzi singamalize mazira onsewo. Nambala ya pamutu ndi yoti inu mungakwanitse sabata iliyonse osaphonya, komanso yoti bwanayo akaiona aziti eya, ndi mmene timagulira ife. Mathireyi 20 ndi mazira 600, amenewo ndi a loji yomwe ili ndi holo ya misonkhano, komwe anthu a wekishopu amagona nkudya kadzutsa, nkudzafunanso timakeke pa tiyi wa 10 koloko. Kaloji ka zipinda khumi ku Katoto kapena ku Chimaliro mukakalembera 20 aziona kuti simukuwadziwa, kumeneko lembani 5. Choncho mutu usakhale umodzi wa maloji onse, nambala izisintha.

Mtengo ine sindingauike pamutu. Mukudziwa nokha mmene thumba la chakudya cha nkhuku likusinthira mtengo, nde mutu umakhala womwewo nthawi yonse yomwe mukuyankhana, pakatha miyezi iwiri bwana adzakuonetsani mutu womwe uja nkumati munanena nokha. Mtengo udzapita mu kotesheni pamodzi ndi tsiku lomwe udzathere. Mitu ya mawu amodzi ngati Greetings, Proposal kapena Hello nayo isiyeni, siinena kanthu, komanso tsiku lomwe sapulaya wawo wawagwiritsa mwala bwana akalemba mazira kapena eggs pa Search kuti apeze mayi uja analemba mwezi watha, imelo yomwe ili ndi mawuwo pamutu ndi yomwe amaizindikira msanga. URGENT musayerekeze, changu ndi chanu osati chake. Dzina la famu nalonso lisadye malo pamutu, lili ndi malo ake pamwamba paja.

Pamwamba pajapo anthu ambiri sayang'anapo. Ngati adiresi yanu munatsegula kalekale ndi dzina lachibwana, kapena ndi ya mwana wanu, dzina limenelo ndi lomwe bwana akuliona mutu asanauone. Pa Gmail mukhoza kusintha dzina looneka osasintha adiresi, pakompyuta pitani motere:

```
Settings > See all settings > Accounts and Import > Send mail as > edit info
```

Lembanipo dzina lanu lenileni ndi la famu, mwachidule. Ngati adiresi yeniyeniyo ndi yochititsa manyazi tsegulani ina ya bizinesi, ndi ulere.

Tsopano kamzere kotuwa kaja. Moni wanu uja, kuyambira pa Dear mpaka pa well, ndi zilembo 48, ndipo pamafoni ambiri kamzereko kamathera chapomwepo kapena kasanafike nkomwe. Malo okhawo omwe mukanaonjezerapo kanthu pa zomwe mutu wanena mwawapereka ku mawu omwe ali mu imelo ya aliyense. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kungofikira pankhani osapereka moni ndi mwano, ndipo sindikunena kuti musiye ulemu ayi, ine ndemwe imelo yopanda moni imandiwawa. Koma moni wa pa imelo ukhale waufupi, dzina la munthu ndi liwu limodzi, Bambo Uje, moni, basi. Zofunsana za kunyumba, za mvula, olo kamonile ngati ndi wakumpoto konkuno, mudzachita bwinobwino tsiku lomwe mudzaonane maso ndi maso. Ulemu womwe munthu wotanganidwa amaumva pa imelo ndi woti mwamutchula dzina lake molondola ndipo simunamutayitse nthawi.

Nde dzinalo mulipeza bwanji? Imbani kurisepushoni, kapena pitani nokha poti tauni yathu ndi yaing'ono, mufunse kuti amene amagula za kukhitchini ndi ndani. Mudzapeza kuti m'maloji ambiri si manejala wamkulu, ndi shefu kapena wa kusitolo, manejala amangosayina, pena mwiniwake wa loji amagwira yekha chilichonse chokhudza ndalama. Funsani dzina, kalembedwe kake, ngati ndi bambo kapena mayi chifukwa maina ambiri kuno amagwira konsekonse, ndi adiresi yomwe munthuyo amatsegula yekha. Adiresi zoyamba ndi info@ zija nthawi zambiri amatsegula ndi a kurisepushoni omwe akuyang'ana mabukingi, za mazira sizikuwakhudza. Ulendo womwewo funsaninso mwaulemu kuti mazira amagula tsiku lanji, amawabweretsera kapena amatuma munthu kumsika, amawathera liti. Mayankho amenewa ndi omwe apange chiganizo chanu choyamba, popanda iwo mulibe cholemba.

Chiganizo choyamba ntchito yake ndi imodzi, kumuuza bwana chifukwa chomwe mwalembera iyeyo osati wina aliyense. Chiyambe ndi za loji yake, za inu zibwere pachiganizo chachiwiri. Tinene kuti mwacheza ndi shefu wa loji ina ya holo ya misonkhano ndipo wakuuzani kuti sabata ya wekishopu mazira amatha Lachitatu. Imelo yonse ikhoza kukhala iyi, ndailemba m'Chichewa kuti muone kayalidwe kake, mukaitembenuza m'Chingerezi musasinthe dongosolo:

```
Bambo Uje, moni. Shefu wanu anandiuza kuti sabata ya
wekishopu mazira amakutherani Lachitatu.
Ndimaweta nkhuku zoikira 500 ku Lusangazi, ndingathe
kumakubweretserani mathireyi 20 Lolemba lililonse
isanakwane 8 koloko, otola Loweruka ndi Lamulungu.
TPIN ndili nayo ndipo ndimapereka invoyisi.
Ndibweretse thireyi imodzi yaulere Lachinayi lino
kuti shefu awaone?
```

Taonani zomwe zikuoneka imeloyi isanatsegulidwe. Dzina lanu ndi la famu, mutu wa mazira ndi nambala, kenako dzina lake iye mwini ndi mawu oti shefu wanu anandiuza. Munthu akaona kuti wantchito wake watchulidwa amafuna adziwe kuti wanena chani, amatsegula. Ndipo zomwe mwalonjeza m'katimo zikugwirizana ndi masamu athu aja, masiku awiri a mathireyi 13 ndi 26, nde 20 otola Loweruka ndi Lamulungu alipodi. Ngati msewu wa kwanu umavuta nthawi ya mvula, ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa mmene imakhalitsira, musalembe 8 koloko, lembani nthawi yomwe mungafike olo kuli matope.

Koma apa chonde samalani, musamutchule shefu musanamupemphe. Mabwana ena akamva kuti wantchito wauza munthu wakunja kuti zinthu zimatha kukhitchini amamutembenukira iyeyo, nde inu mwapeza oda mnzanu ali pamoto. Mufunseni kuti kodi ndingakutchuleni ndikamalembera bwana? Akakana, kapena akayamba kuzengereza, chotsani dzina lake ndipo musanene zoti zinthu zimawathera. Chimodzimodzi munthu amene wakulozerani, ngati mwini loji ina yemwe mumamugulitsa kale wavomera kuti mumutchule, dzina lake ndi lamphamvu kuposa china chilichonse ndipo likhoza kukwera mpaka pamutu, A Uje anati ndikulembereni za mazira. Koma zikhale zoona, Mzuzu anthu amadziwana, bwana amangoimba foni nkufunsa.

Nanga ngati mulibe wokutchulirani? Yambani ndi chinthu chomwe mwaona ndi maso anu ndipo chikukhudzana ndi mazira. Mwachitsanzo, ndaona kuti mwatsegula holo yatsopano ya misonkhano, nde ndikuganiza kuti kadzutsa wachuluka. Kapena, ndinamva kurisepushoni kwanu kuti mazira mumakagula nokha kumsika, ine ndingamakufikitsireni pakhomo. Zotamanda zija za loji yanu yotchuka yomwe ikutukula dziko zisiyeni, bwana amadziwa kuti mwalemba zomwezo kwa anzake onse. Njira yoyesera ndi yosavuta, werengani chiganizo chanu choyamba nkudzifunsa ngati mungachitumize ku loji ya ku Luwinga ndi ya ku Nkhata Bay osasintha liwu olo limodzi. Ngati mungathe ndiye kuti sichinafike, bwererani mukafunsenso.

Mbiri ya famu ija, chaka chomwe munayamba, mavuto omwe mwadutsamo, zoti mukulera ana ndi nkhuku zomwezi, ndi zoona ndipo ndi zolemera, koma si za imelo yoyamba. Mukayamba ndi zimenezo imelo imamveka ngati yopempha chithandizo, pomwe inu mukubweretsa chinthu chomwe khitchini yawo imafuna tsiku lililonse.

Funso la kumapeto lija nalonso ndi mbali ya nkhani yomweyi, chifukwa munthu akhoza kutsegula, kuwerenga, kukondwa, koma osayankha poti sakudziwa kuti ayankhe chani. Mukatseka ndi zoti ndikuyembekezera yankho lanu labwino, mwamupatsa ntchito yoganiza. Mukafunsa kuti ndibweretse thireyi Lachinayi, akhoza kuyankha ndi chala chimodzi ali pa masitepe, bweretsani. Funso likhale limodzi, laling'ono, losafuna kuti atulutse ndalama lero. Ndipo imelo yoyamba musaipachike maatachimenti, satifiketi, zithunzi za khola, mapepala a MRA, zonsezo adzazipempha akafuna. Fayilo yochokera kwa mlendo anthu amaiopa, ndipo wina ali pa bandulo yake.

Tsopano mukatumiza nkukhalabe zii, mudziwa bwanji pomwe pavuta? Yambani mwaona ngati inafika. Ikabwerera ndi uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem wonena kuti Address not found, ndiye kuti adiresi ndi yolakwika, mwina chilembo chimodzi chabe, imbaninso mufunse. Ngati sinabwerere, yesani kwa anzanu awiri atatu omwe simunalemberanepo nawo, wina wa Gmail wina wa adiresi ya kuntchito, akuuzeni ngati yafika mu Inbox, mu Promotions kapena mu Spam. Zomwe zimakonda kukankhira imelo kumeneko ndi kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, malinki ochuluka, zithunzi zambiri mawu ochepa. Ngati mumaika maloji onse pa To kapena pa Cc siyani lero lomwe, aliyense amaona kuti mwalemberanso opikisana naye. Munthu m'modzi, imelo yake.

Ngati ikufika bwinobwino koma yankho palibe, musathamangire kusinthasintha mitu nkumati uwu ukugwira uwu sukugwira. Zoyesa mitu iwiri zija zimafuna anthu mazanamazana, pa maloji khumi kapena makumi awiri simungadziwe ngati wayankha chifukwa cha mutu kapena chifukwa tsiku limenelo mazira anawathera. Timapulogalamu tonena kuti munthu watsegula imelo natonso musatidalire, kuyambira 2021 Mail ya pa iPhone ili ndi njira yomwe imachititsa imelo kuoneka ngati yatsegulidwa mwiniwake asanaigwire. Kwa inu foni imodzi ya kurisepushoni, kufunsa ngati bwana anaiona, ikuuzani zambiri kuposa zonsezo.

Nthawi yotumizira ilibe lamulo, koma ganizirani tsiku la munthu wa loji. M'mawa ali pa kadzutsa ndi alendo otuluka, masana ali pa nkhomaliro, nde ine ndingatumize cha m'ma 10 koloko kapena cha m'ma 3 masana, pakati pa sabata, osati kumapeto kwa mwezi pomwe mutu uli pa malipiro. Ngati inu mpata mumaupeza usiku mukatsekera nkhuku, lembani usiku womwewo koma mugwiritse Schedule send kuti ipite mawa nthawi yabwino.

Pakadutsa masiku anayi kapena asanu a ntchito, tsegulani imelo yomwe munatumiza ija mudine Reply, mutu ukhale womwewo, apa Re: ibwera yokha ndipo ndi yoona. Chiganizo choyamba cha ulendo uno chisakhale chodandaula kuti simunandiyankhe, chibweretse kanthu katsopano, monga Bambo Uje, Lachinayi ndikubweretsa mazira ku Katoto cha m'ma 9, ndingadutse nkusiya thireyi ija kwa shefu? Mizere iwiri yakwana. Ikakhalanso zii kachiwiri, imelo yachitatu siithandiza, nyamulani thireyi mupite nokha, kapena asiyeni miyezi ingapo. Pena loji ili ndi sapulaya amene ndi m'bale wa mwiniwake, kapena amene amawapatsa pangongole mwezi wonse, pamenepo olo mutu ukhale wabwino bwanji sasintha, chomwe imelo yanu ingachite ndi kukhala yopezeka tsiku lomwe winayo walephera.

Zonsezi ndi za maloji, malesitilanti ndi masukulu omwe si aboma, komwe munthu m'modzi kapena awiri akhoza kungoganiza nkugula. Mukafuna kugulitsa ku chipatala cha boma kapena ku koleji ya boma njira ndi ina, kumeneko kugula kumayenda ndi malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, mumayenera kulembetsa ngati sapulaya ndipo nkhani imadutsa mu komiti, bwana olo aikonde imelo yanu sangakupatseni oda payekha. Imelo ya kumeneko ipite kwa ofisala wogula zinthu, funso lake likhale loti ndingalowe bwanji pa mndandanda wa omwe mumawapempha makotesheni, ndipo mukamayankha pempho lomwe alengeza, pamutu koperani nambala ya pempholo ndendende mmene ailembera chifukwa ndi yomwe amasakira.

Tsiku lomwe wina wayankha kuti tumizani kotesheni, yankhani tsiku lomwelo pa imelo yomweyo osayamba ina, mutu osausintha. Mzere woyamba ukhale mtengo wa thireyi ndi tsiku lomwe mtengowo uthere, wachiwiri unene ngati mtengowo ukuphatikiza kubweretsa komanso ngati mathireyi opanda kanthu mudzawatenganso, kenako kotesheniyo muipachike ngati PDF ya tsamba limodzi, nambala yanu ya foni ili pansi pa dzina.